Mafunso ndi mayankho: kuyesa modelo yozindikira ntchembere zandonda isanafike m'manja mwa alimi

Ndife kagulu kochepa ka olemba mapulogalamu kuno ku Mzuzu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene timafunsidwa kawirikawiri ndi ophunzira a zamakompyuta, alangizi a zaulimi, komanso akuluakulu a mabungwe amene munthu wawabweretsera apu n'kuwauza kuti "iyi siilakwitsa". Tagwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto: modelo imene imaona chithunzi cha chimanga chojambulidwa pafoni n'kunena ngati m'mundamo mwalowa ntchembere zandonda kapena ayi. Mbozi imeneyi kwawo ndi ku America, inaoneka ku Africa kuno koyamba mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma la Malawi linalengeza kuti yadzetsa ngozi m'maboma 20. Manambala a zithunzi amene tawerengera pano ndi achitsanzo, tawasankha kuti masamu asavute, koma mavuto ake ndi omwewo amene mudzakumane nawo.

Modelo yathu yakhoza 98 pa 100. Tiyesenso chiyani?

Funso loyamba limene timabweza ndi lakuti: yakhoza pa zithunzi ziti? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nambala yokongola chotero nthawi zambiri imatanthauza kuti mayeso anali ofewa, osati kuti wolemba mayesoyo ndi wanzeru.

Pali nkhani yodziwika bwino pa ntchito ngati yathuyi. Mu 2016 akatswiri ena anaphunzitsa modelo ndi zithunzi 54,306 za masamba a mbewu 14 zochokera mu nkhokwe yotchedwa PlantVillage. Itayesedwa pa zithunzi za m'nkhokwe yomweyo inakhoza 99.35 pa 100. Eni ake omwewo ataiyesa pa zithunzi zojambulidwa kwina inatsika kufika cha m'ma 31 pa 100. Chifukwa chake sichovuta kumva. Zithunzi zophunzitsira zinali za tsamba limodzi lothyoledwa, loikidwa pamalo opanda china chilichonse kumbuyo kwake, kuwala kuli bwinobwino. Mlimi wa ku Ekwendeni sajambula choncho. Amajambula ataimirira pamzere, dzuwa lili m'maso, kumbuyo kwa tsambalo kuli udzu, nyemba, dothi ndi phazi lake lomwe.

Ndiye musanakondwere ndi 98, fufuzani amene anajambula zithunzi zoyeserazo, foni imene anagwiritsa ntchito, mwezi wake ndi munda wake. Ngati mayankho ake akufanana ndendende ndi a zithunzi zophunzitsira, simunayese kalikonse.

Tigawe bwanji zithunzi zophunzitsira ndi zoyesera?

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, ifenso tinagwapo, ndiye tikhalitsapo pang'ono.

Mwachizolowezi zithunzi zimagawidwa patatu. Gawo lalikulu ndi lophunzitsira. Lachiwiri ndi loonera ngati zimene mukusinthasintha zikuthandiza. Lachitatu limatsekeredwa, osalikhudza mpaka tsiku la mayeso omaliza. Ambiri amadziwa zimenezi. Chimene chimawapha ndi kagawidwe kake: amasakaniza zithunzi zonse ngati nyemba m'lichero n'kutapa 20 pa 100 zilizonse mwachisawawa.

Taganizani mmene zithunzizo zinabwerera. Mlangizi akapeza phesi lodyedwa sajambula kamodzi. Amajambula kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kusendera pang'ono, kupendeketsa foni, kujambulanso chifukwa choyamba chija chagwedera. Mukasakaniza mwachisawawa, zithunzi zinayi za phesi limenelo zimapita kophunzitsira, ziwiri koyesera. Pa tsiku la mayeso modelo imakumana ndi phesi limene inaliona kale, ndipo imangolikumbukira. N'chimodzimodzi mwana wolowa m'mayeso ndi likasa m'thumba: akhoza ndithu, koma malikisi akewo sakukuuzani chimene akudziwa.

Mankhwala ake ndi kugawa potengera munda. Zithunzi zonse za munda umodzi zipite mbali imodzi, kaya kophunzitsira kaya koyesera, osati konsekonse. Mu scikit-learn zimachitika motere, bola chithunzi chilichonse chikhale ndi nambala ya munda wake:

```python
from sklearn.model_selection import GroupShuffleSplit
gss = GroupShuffleSplit(n_splits=1, test_size=0.2, random_state=7)
train_idx, test_idx = next(gss.split(X, y, groups=munda_id))
```

Mukatero nambala yanu itsika, nthawi zina kwambiri. Musadandaule, chifukwa yotsikayo ndiye yoona. Ndipo ngati mungathe, pitirirani pamenepo: sungani dera lathunthu kuti likhale loyesera. Phunzitsani ndi minda ya ku Mzimba ndi Rumphi, yesani ndi ya ku Nkhata Bay, kumene kuli chinyontho chambiri ndipo chimanga chimalimidwa moyandikana ndi chinangwa. Mukatero mudziwa zimene zingachitike apu ikafika kumene simunapondeko.

Chenjezo lina: gawo lachitatu lija limatha mphamvu mukamalitsegula pafupipafupi. Mukayesa, n'kusintha modelo, n'kuyesanso pa zithunzi zomwezo maulendo 30, ndiye kuti inuyo mwasanduka likasa la modelo yanu.

Kodi "deta yabwino" ndi yotani? Zithunzi zathu n'zowala bwino zonse.

Kuwala bwino si ubwino umene tikunena. Chithunzi chogwedera, chojambulidwa m'mamawa chifunga chisanachoke ngati mmene kumakhalira kuno ku Mzuzu, ndi deta yabwino ngati alimi anu azidzajambula choncho. Zimene timayang'ana ndi zina.

Choyamba ndi zithunzi zobwereza. Chithunzi chimodzi chikayenda m'magulu atatu a WhatsApp chimafika kwa inu katatu ndi mayina osiyana. Zofanana ndendende zimagwidwa ndi lamulo ili pa Linux:

```bash
sha256sum *.jpg | sort | uniq -w64 -D
```

Koma chimene chadulidwa m'mbali kapena chapanikizidwa kuti chichepe sichigwidwa ndi lamuloli, chifukwa fayilo yasintha ngakhale maso akuona chinthu chomwecho. Pamenepo pamafunika chida choyerekeza maonekedwe, monga `imagehash` ya Python.

Chachiwiri, ndipo n'chachikulu, ndi mayankho amene anthu analemba pa zithunzizo. Modelo imaphunzira kuchokera kwa munthu amene anati "apa pali ntchembere, apa palibe". Munthuyo akalakwitsa, modelo imaphunzira cholakwikacho mokhulupirika. Ndipo kulakwitsa n'kosavuta, chifukwa kapuchi nayenso amaboola masamba a chimanga. Ntchembere yandonda ikaoneka yokha imadziwika: pamutu pake pali chizindikiro chonga Y wozondoka, ndipo chakumchira kuli madontho anayi akuda okhala ngati ngodya za bokosi. Koma zithunzi zambiri sizionetsa mboziyo, zimangoonetsa mabowo ndi ndowe zake zonga utuchi pamene masamba atsopano amatulukira. Pa zithunzi zotere ngakhale alangizi odziwa ntchito amasiyana maganizo.

Njira yake ndi iyi. Tengani zithunzi 200, perekani kwa alangizi awiri, aliyense alembe payekha osaonerana. Tinene kuti agwirizana pa 170. Ndiye kuti pa zithunzi 30 palibe amene anganene motsimikiza kuti modelo yakhoza kapena yalakwa, ndipo munthu wokuuzani kuti modelo yake imakhoza 98 pa 100 pa zithunzi za mtundu umenewu akuyeza ndi sikelo yosakhazikika. Akhazikeni pansi awiriwo, muwagulire tiyi, adutse zithunzi 30 zija chimodzichimodzi. Pamene agwirizana, lembani lamulo lake papepala kuti wolemba wina aliyense azilitsata. Pamene akanikabe, chithunzicho chipite m'gulu lachitatu la "sizikudziwika". Gulu limeneli lisakuchititseni manyazi. Apu yonena kuti "jambulaninso pafupi" imathandiza kuposa yolosera.

Tingadziwe bwanji kuti modelo ikuyang'ana tsamba osati zinthu zina?

Tikuuzeni zimene zinatichitikira. Modelo yathu yoyamba inkachita bwino kwambiri, mpaka tsiku lina mnzathu anajambula chimanga chabwinobwino kuseri kwa nyumba yake ku Chibavi, atagwira tsamba ndi dzanja kuti mphepo isaligwedeze. Apu inati muli ntchembere. Anachotsa dzanja, n'kujambulanso tsamba lomwelo. Apu inati mulibe. Tinabwereza kangapo, tikuseka poyamba, kenako kuseka kunatha.

Titabwerera ku zithunzi zophunzitsira tinapeza gwero lake. Amene ankajambula chimanga chodyedwa ankatsegula nsonga ndi zala kuti kuonongekako kuoneke bwino. Chimanga chabwino ankangochijambula ali chiimire, osachigwira. Modelo inapeza njira yachidule: pali zala, pali mbozi. Pa mayeso athu onse inkakhoza, chifukwa zithunzi zoyesera zinajambulidwa ndi anthu omwewo mwa chizolowezi chomwecho.

Nambala siingakuonetseni vuto lotere. Muyenera kuliputa dala. Jambulani tsamba labwino muli ndi dzanja ndi lopanda dzanja, pa dothi lakatondo ndi pa mchenga, padzuwa ndi pamthunzi. Phimbani mbali yodyedwa ya chithunzi n'kuona ngati yankho lisintha. Likapanda kusintha, modelo sikuyang'ana pamenepo. Pali zida monga Grad-CAM zimene zimapaka utoto pamalo amene akukoka kwambiri yankho la modelo, ndipo pa zithunzi zathu utotowo unkagwera pa zikhadabo. Ipatseninso zinthu zosakhala chimanga n'komwe, tsamba la nthochi, chitenje, nkhope ya mwana, chifukwa alimi adzatero, ena mwangozi ena mongoyesa.

Bwanji mumakana kuti tizingonena nambala imodzi ya kukhoza?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Muli ndi zithunzi zoyesera 1,000. Mwa izo 100 zili ndi ntchembere, 900 zilibe. Ndikalemba pulogalamu ya mzere umodzi yongoyankha kuti "palibe" pa chithunzi chilichonse, ikhoza 900, kutanthauza 90 pa 100, isanagwire mbozi ndi imodzi yomwe. Nambala imeneyi pakompyuta imalembedwa `accuracy`, ndipo mwaona kale mmene imanamizira chinthu chimene mukufuna chikakhala chosowa.

Tsopano modelo yeniyeni. Malamulo awiri awa amakupatsani zonse zofunika:

```python
from sklearn.metrics import confusion_matrix, classification_report
print(confusion_matrix(y_true, y_pred))
print(classification_report(y_true, y_pred))
```

Tinene kuti loyambalo latulutsa izi:

```
[[855  45]
 [ 30  70]]
```

Mzere wapamwamba ndi wa zithunzi 900 zopanda mbozi: 855 yanena zoona, 45 yanamizira. Mzere wapansi ndi wa zithunzi 100 zokhala ndi mbozi: 70 yagwira, 30 yaphonya. Zokhoza zonse ndi 925, ndiye kuti 92.5 pa 100. Zikumveka bwino, koma kumbukirani kuti pulogalamu yopusa ija inali pa 90.

Mafunso othandiza ndi awiri. Loyamba: mwa zithunzi zimene zilidi ndi mbozi, yagwira zingati? 70 mwa 100. Nambala imeneyi mudzaiona pansi pa mutu wakuti `recall`. Lachiwiri: apu ikakuwa kuti kuli mbozi, imakhala ikunena zoona kangati? Yakuwa maulendo 115, zoona ndi 70, pafupifupi 61 pa 100. Imeneyi ndiyo `precision`. Kunena mwachimvekere, mwa alimi khumi amene chimanga chawo chagwidwadi, atatu auzidwa kuti agone tulo, zonse zili bwino. Mwa alimi khumi amene auzidwa kuti kuli mbozi, anayi athamangira kogula mankhwala pachabe. Mkulu wa bungwe akamva ziganizo ziwiri zimenezi amamvetsa chimene akugula, pamene 92.5 imangomusangalatsa.

Nanga cholakwa choipa kwambiri ndi chiti, kuphonya kapena kunamizira?

Limeneli si funso la olemba mapulogalamu, ngakhale kuti batani lake lili m'manja mwathu. Modelo siyankha kuti inde kapena ayi. Imatulutsa nambala ya pakati pa 0 ndi 1, ndipo ife ndi amene timaika malire. Mwachizolowezi malire amakhala pa 0.5, osati chifukwa wina anaganizapo mozama, koma chifukwa ndi pakati.

Mukatsitsa malirewo kufika pa 0.3, modelo imakhala yamantha, imakuwa msanga. M'chitsanzo chathu tinene kuti tsopano yagwira 88 mwa 100, yaphonya 12 zokha, koma zonamizira zakwera kuchoka pa 45 kufika pa 135. Nambala ya kukhoza konse yatsika kufika pa 85.3, pansi pa pulogalamu yopusa ija, ndipo mwa machenjezo 223 oona ndi 88 okha. Kodi modelo yaipa? Ndi yomweyo, sitinasinthe kanthu m'kati mwake.

Yankho lagona pa chimene chimachitika chenjezo likaperekedwa. Ngati apu imauza mlimi kuti "pitani mukatsegule nsonga za mapesi angapo muone nokha, kapena itanani alangizi", kunamizira kumangomudyera kanthawi kochepa, pamene kuphonya kungamudyere munda, popeza mbozi ikakula n'kubisala m'kati mwa nsonga mankhwala saifikira bwino. Pamenepo tsitsani malire. Koma ngati apu imanena mwachindunji kuti "thirani mankhwala", chenjezo lililonse labodza ndi ndalama ya mlimi yotayika ndi poizoni wothiridwa popanda chifukwa. Ife timakonda njira yoyambayo, ndipo malire timawaika alangizi ali pompo.

Anthu amakamba za kukondera kwa mamodelo. Modelo yoona masamba ingakondere ndani?

Nkhani yotchuka pa kukondera ndi ya nkhope. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu atatu ogulitsidwa onena ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena mkazi. Pa amuna akhungu loyera kulakwitsa sikunapitirire 0.8 pa 100, pamene pa akazi akhungu lakuda kunafika 34.7 pa 100. Nambala yophatikiza onse pamodzi inkabisa zimenezi. Zinaonekera pokhapokha atawagawa anthuwo m'magulu.

Tsamba la chimanga lilibe khungu, koma kuseri kwa chithunzi chilichonse kuli munthu ndi foni yake. Bwererani ku zithunzi 100 zokhala ndi mbozi zija, zimene modelo inagwira 70. Zigaweni potengera foni. Tinene kuti 60 zinajambulidwa ndi mafoni a kamera yabwino, a alangizi ndi ogwira ntchito m'mabungwe, ndipo yagwira 51, kutanthauza 85 pa 100. Zotsala 40 zinajambulidwa ndi timafoni totsika mtengo, tagalasi losweka, ndipo yagwira 19 zokha, osafika ndi theka lomwe. Choncho 70 uja palibe amene akumulandira. Wa foni yabwino akulandira 85, wosauka akulandira 47.5, ndipo wosaukayo ndi amene apu inapangidwira.

Magulu ena oyenera kuwaona paokha ndi dera, mtundu wa chimanga, chamakolo kapena chahaibulidi, msinkhu wa mbewu, munda wothira feteleza ndi wosathira. Chomalizachi n'chofunika kuno kwathu. Chimanga chosowa feteleza chimakhala chachikasu, ndipo ngati zithunzi zophunzitsira zinachokera m'minda yachionetsero yobiriwira bwino, modelo ingamasokonezeke pa munda wa mayi amene thumba la feteleza sanalikwanitse. Zonsezi zimatheka pokhapokha ngati munalemba zinthu zimenezi pa chithunzi chilichonse pochisonkhanitsa. Mukaiwala, simungazibwezeretse. Dzina la mlimi ndi nambala yake ya foni sizifunika pa mayeso amenewa, ndiye musazisunge pamodzi ndi zithunzi.

Ngati apu yanu imalandiranso mawu olembedwa kapena olankhulidwa, onjezani chilankhulo pa magulu anu. Kuno anthu amalankhula Chitumbuka, Chitonga, Chichewa, ena kusakaniza zonse m'chiganizo chimodzi.

Gulu lina lili ndi zithunzi zochepa. Tikhulupirire nambala yake?

Mosamala. Pa zithunzi 40, nambala ya 47.5 ikhoza kusuntha ndi 15 kupita kumwamba kapena pansi mutatenga zithunzi zina 40 za mtundu womwewo, ndiye choona chili penapake pakati pa 32 ndi 63. Ya mafoni abwino ija, 51 mwa 60, ili pakati pa 76 ndi 94. Mipata iwiriyi siikukhudzana, choncho kusiyanako n'kwenikweni. Koma gulu la zithunzi 8 silikuuzani kanthu, chithunzi chimodzi chokha chimasuntha nambala ndi 12.5. Lembani mu lipoti kuti gululo silinayesedwe, kenako kwerani basi mukajambule zina.

Tapeza kuti ikulephera pa mafoni otsika mtengo. Tichite chiyani?

Chachangu ndi kuipitsa dala zithunzi zophunzitsira: kuzichepetsa, kuzidetsa, kuzigwedeza pang'ono, kuzipanikiza ngati mmene zimapanikizidwira potumizidwa. Zimathandizako. Koma chithunzi choipitsidwa pakompyuta sichifanana kwenikweni ndi chochokera mu kamera yotsika, imene imasinthanso mitundu. Chokhalitsa ndi kupereka mafoni oterowo kwa osonkhanitsa zithunzi, kapena kupempha alimi eni ake ajambule. Ndipo zithunzi zoyesera za gulu limeneli zikhale zenizeni nthawi zonse, osati zoipitsidwa ndi inu.

Inayesedwa bwino, tinaitulutsa mu Januwale, pofika Juni madandaulo ali mbwee. Yaonongeka?

Modelo siichita dzimbiri. Fayilo yake ndi yomwe ija, palibe chasintha ngakhale kadontho. Chasintha ndi zimene ikuonetsedwa, ndipo zimasintha m'njira zingapo zimene mankhwala ake ndi osiyana.

Njira yoyamba ndi yakuti zithunzi zenizenizo zasintha. Mu Januwale chimanga chimakhala chaching'ono, chobiriwira, kumwamba kuli mitambo. Mu Malichi chili ndi ngayaye, masamba apansi ayamba kuuma ndi kung'ambika okha. Mu Juni ndi Julayi amene akujambula ndi a chimanga cha m'dimba, kuwala kwake kwina, dothi lake lakuda lonyowa. Modelo imene inangoona chimanga cha dzinja ili m'dziko lachilendo. Zosintha zina sizichokera kumunda n'komwe. Anthu akayamba kutumiza zithunzi kudzera pa WhatsApp m'malo mojambulira mu apu, pofuna kupulumutsa bandulo, zimafika zopanikizidwa, ndipo timabowo ting'onoting'ono ta mbozi yongoswa kumene timafufutika.

Njira yachiwiri ndi yobisika kwambiri: kuchuluka kwa mbozi kwasintha. Tibwerere ku masamu athu. Modelo imagwira 70 mwa 100 zokhala ndi mbozi, ndipo imanamizira 5 mwa 100 zopanda mbozi. Tinene kuti mbozi zachepa, mwa zithunzi 1,000 zokhala nazo ndi 20 zokha. Igwira 14. Mwa 980 zotsalazo inamizira 49. Machenjezo onse ndi 63, oona ndi 14, kungoposa pang'ono limodzi mwa asanu. Luso la modelo silinatsike ngakhale pang'ono, koma mlimi akuona kuti apu ikunama kanayi pa kasanu kalikonse, ndipo akulondola. Kuphunzitsanso modelo sikungathetse zimenezi. Chofunika ndi kukweza malire m'nyengo imeneyo, kapena kusintha mawu a chenjezo.

Njira yachitatu ndi yakuti tanthauzo la chimene ikuona lasintha, monga kukabuka kachilombo kena koboola masamba mofananamo. Zotere zinaonekapo ngakhale kwa akuluakulu a ntchitoyi. Google Flu Trends, imene inayamba mu 2008 kulosera kufala kwa chimfine potengera zimene anthu amafufuza pa intaneti, kumayambiriro kwa 2013 inalosera pafupifupi kuwirikiza kawiri chiwerengero chenicheni ku America, mwa zina chifukwa kafufuzidwe ka anthu kanali katasintha. Inasiya kutulutsa manambala mu 2015.

Tingazindikire bwanji kusinthaku madandaulo asanafike?

Vuto ndi lakuti apu ikakhala kumunda palibe amene akukuuzani yankho loona la chithunzi chilichonse. Ndiye pali zinthu ziwiri zochita, china chaulere china cholipira.

Chaulere ndi kuyang'anira manambala amene safuna yankho loona. Lolemba lililonse timaona zinayi: mwa zithunzi za sabata yatha, zingati zanenedwa kuti zili ndi mbozi, zingati zagwera pakatikati, tinene pakati pa 0.4 ndi 0.6, pamene modelo ikukayika. Kukula ndi kuwala kwa zithunzi. Ndi mitundu ya mafoni ndi madera kumene zachokera. Timaziika pa galafu pambali pa manambala a zithunzi zoyesera zija. Zokayikitsa zikalumpha kuchoka pa 8 kufika pa 20 pa 100, kapena kukula kwa mafayilo kukagwa mwadzidzidzi, timadziwa kuti china chake chalowa. Manambalawa amangokuuzani kuti pitani mukaone. Machenjezo akachuluka, mwina modelo yasokonezeka, mwinanso mbozi zabukadi, ndipo galafu singasiyanitse ziwirizi.

Cholipira ndi chimene chimasiyanitsa. Sabata iliyonse tengani zithunzi 50 mwachisawawa mwa zimene zalowa, mupatse mlangizi alembe mayankho ake osaona zimene modelo inanena. Pamwezi zikwana 200. Mawu akuti mwachisawawa ndi ofunika, chifukwa mukamangoona zithunzi za odandaula mudzangoona zonamizira. Mlimi amene anauzidwa kuti palibe mbozi pamene zilipo sadandaula sabata imeneyo, amadzadziwa chimanga chitadyedwa kale, ndipo nthawi zambiri sabweranso, amangochotsa apu. Popeza zithunzi zokhala ndi mbozi ndi zochepa, mwa 200 zija mwina mupezamo 20 zokha, ndiye kuti muone bwino kuphonya muyenera kuphatikiza miyezi iwiri kapena itatu, kapena kuonjezera zithunzi zochokera kumene alangizi anena kuti mbozi zabuka. Ndalama ya mlangiziyu ilowe mu bajeti kuyambira pachiyambi. Taona mapulojekiti amene anali ndi ndalama ya mwambo wokhazikitsa apu, zikwangwani ndi zakumwa, koma ya munthu woona zithunzi 50 pa sabata panalibe.

Tiziphunzitsanso modelo kangati, ndipo yatsopanoyo tiiyese bwanji?

Osatsata kalendala, tsatani malire amene munagwirizana musanatulutse apu. Lembani papepala, mwachitsanzo, kuti kugwira kukatsika pansi pa 60 mwa 100 pa zithunzi zolembedwa ndi mlangizi, kapena gulu limodzi likatsalira ndi 20 kumbuyo kwa anzake, ntchito yophunzitsanso iyambike. Mukapanda kulemba pasadakhale, tsiku limenelo likafika aliyense amapeza chifukwa chonenera kuti mwezi unali woipa chabe.

Modelo yatsopano ilembe mayeso awiri. Oyamba ndi zithunzi zatsopano za nyengo imene yavutayo, zochokera m'minda imene sinalowe pophunzitsa. Achiwiri ndi mayeso akale aja, chifukwa modelo yophunzitsidwa kwambiri ndi chimanga cha m'dimba ikhoza kuiwala cha dzinja, ndipo Disembala akubwera. Ife tili ndi foda ina ya zithunzi zimene zinatichititsapo manyazi, muli tsamba la ku Chibavi lija lokhala ndi dzanja ndi lopanda dzanja, muli tsamba la nthochi, muli chitenje, ndipo modelo iliyonse yatsopano imayamba yadutsa m'menemo.

Ikakhoza, isalowe m'malo mwa yakale tsiku lomwelo. Kwa masabata awiri ziyende limodzi: alimi azilandira yankho la yakale, yatsopano iziyankha mwakachetechete pa seva, inu muzisunga mayankho onse awiri. Zithunzi zimene ziwirizi zasiyana maganizo ndi zimene mlangizi aziona poyamba, popeza pamene zagwirizana palibe chatsopano chophunzira. Fayilo ya modelo yakale muisunge pamodzi ndi malire ake ndi mndandanda wa zithunzi zimene inaphunzitsidwa nazo, kuti yatsopano ikakupusitsani Lachisanu madzulo muthe kubwezeretsa yakaleyo musanaweruke.